Mmene Tinkanenerera Malonda pa Lizulu

Inu adzukulu mwazolowera kulowa m'sitolo n'kupeza kapepala atamata pa botolo la mafuta, mtengo utalembedwa kale, inu n'kungotulutsa ndalama osatsegula pakamwa. Ife tikukula malo otere analipo, koma owerengeka. Ku Kandodo ndi ku Mandala mtengo unali umodzi, ndipo ukayamba zonenerera kalaliki ankangokuyang'ana mpaka uchite manyazi wekha. Kumsika wa boma wogula mbewu, umene kuyambira 1971 tinkautcha ADMARC, inkalankhula ndi sikelo, mlimi n'kumangovomera. Kwina konseko mtengo unali pakamwa pa anthu awiri, ndipo mwana amene sanaphunzire kuupeza ankabwera kunyumba ndi theka la zimene anamutuma.

Ine ndinaphunzirira pa Lizulu, kumapiri a Ntcheu, pamene msewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndiwo malire a dziko. Ukaima mbali ino uli m'Malawi, ukadumpha msewu uli ku Mozambiki, kumene masiku amenewo kunkalamulira Apwitikizi. Alimi a mbali zonse ziwiri ankabwera ndi mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba, anyezi ndi tomato. Nsomba zinkachokera kunsi kunyanja, anthu atazimangirira m'madengu panjinga, akukankha njingazo m'zitunda kuchokera ku Golomoti. Mbuzi ndi nkhuku zinali ndi malo akeake chakumapeto, pamene panali timitengo tomangirirapo zingwe. Mphunzitsi wanga anali amalume, mlongo wa amayi anga, munthu wosakonda zolankhulalankhula, amene ankatha kuima pamalonda amodzi mpaka miyendo yanga kuchita dzanzi.

Ndalama zake muzidziwe kaye, chifukwa popanda zimenezo nkhaniyi simuimva. Kunali kobiri, ndipo makobiri a nthawi ya Chitaganya anali oboola pakati, moti amayi ena ankawatunga pa kachingwe. Makobiri atatu anali tiki, makobiri 6 anali sikisi, makobiri 12 anali sheleni, ndipo masheleni 20 anali paundi. Paundi sinkaoneka wamba. Munthu akaitulutsa pamsika anthu ankatembenuka.

Chimene amalume ankachita tikangofika ndicho kusagula. Tinkazungulira msika wonse kuyambira kwa a nyemba mpaka kwa a mbuzi, iwo manja ali kumbuyo, akupereka moni uku ndi uku. Ine ndinkaona ngati tikutaya nthawi, koma iwo ankati, "Mphwanga, ndalama ikhale m'thumba, makutu akhale kunja." Ankamvetsera makamaka pamene mayi wa m'mudzi wapafupi akugula kwa mnzake, chifukwa amenewo sanamizana, mawa akakumana kudambo. Mtengo umene wapereka mayi wotero ndiwo mtengo wa msika tsiku limenelo. Ngakhale sunalembedwe paliponse, aliyense wogulitsa ankaudziwa, ndipo wogula wanzeru ankayenera kuudziwa asanayambe kukangana ndi munthu. Kunenerera usakudziwa mtengo wa tsikulo kumakuchititsa chimodzi mwa ziwiri. Ukhoza kupereka zambiri n'kumapita ukusekerera kuti watsitsitsa, kapena kutchula ndalama yochepa kwambiri moti wogulitsa n'kuona kuti wamunyoza.

Kufunsa kunalibe mlandu. Ukati, "Mwadzuka bwanji amayi, nyembazi zikuyenda bwanji lero?" iwo n'kutchula, iwe n'kuti, "Zikomo, ndikungoona kaye," palibe amene ankakwiya. Koma moniwo usaiwale. Munthu wofika n'kuloza ndi chala, "Izi zingati?" ankapatsidwa mtengo wa alendo, ndipo ndikuuzeni, unkamuyenera.

Tsono apa ndi pamene ana ambiri a masiku ano amasokoneza. Malonda a pamsika sanali a mtundu umodzi. Panali zinthu zonenerera ndalama, panalinso zinthu zimene ndalama yake sinkagwedezeka. Mulu wa tomato wa kobiri unali wa kobiri kuyambira koyambirira kwa mzere mpaka kumapeto. Mbale ya nyemba ya tiki inali ya tiki. Kumuuza mayi wogulitsa mulu wa kobiri kuti atsitse kunali kumufunsa chosatheka, chifukwa akakutsitsira iwe anzake a mumzeremo amudzudzula kuti akuwononga msika. Chimene chinkasintha ndi mulu. M'nyengo imene tomato wachuluka mulu unkatupa, akasowa unkafota, koma kobiri ali yemweyo. Choncho wogula wodziwa ankanenerera muyezo. Ankayang'ana miyulu, n'kusankha, n'kunena kuti, "Nditenga itatu, mundiikireko basera." Mayi uja ankatenga tomato mmodzi kapena awiri m'dengu n'kuponya pamwamba. Ukagula mulu umodzi wokha, basera sunkaumiriza. Ukagula yambiri, kapena ukakhala kuti umagula kwa munthu yemweyo msika uliwonse, ankakuikira usanapemphe n'komwe.

Basera anali ulemu wa wogulitsa, ndipo anali ndi malire ake. Kupempha kamodzi kunali mwambo. Kupempha kachiwiri, dzanja lako lili kale m'dengu la mwini, kunali umbombo. Ndinaonapo mayi wina akukhuthulira tomato wake yense m'dengu n'kubweza ndalama kwa bambo wovala bwino amene anadzitengera yekha basera wachitatu. Sanamutukwane. Anangoti, "Bambo, pitani kwa ena, ine ndalephera." Mzere wonse unaseka, ndipo palibe anamuitana.

Poti ndewu inali pa muyezo, chinyengo nachonso chinkabisala pomwepo. Mbale yoyezera nyemba ina inali yomenyedwa kunsi kuti thako lake lilowe m'kati, ukaiona pamwamba ngati yodzaza koma yanyamula zochepa. Amalume ankaitenga mbale n'kuitembenuza ngati akungoisirira. Asanayambe kuthira ankafunsanso ngati mbale ikhale yosefukira kapena yosalaza, pakuti kusiyana kwa ziwirizi pa mbale khumi kumakwana ndiwo za tsiku lonse. Dengu la mbatata ankalipisa dzanja mpaka pansi, chifukwa zikuluzikulu zimakhala pamwamba, tating'ono ndi zobooka ndi khasu zili kunsi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyemba ankatapa pang'ono n'kuyang'ana timabowo ta anankafumbwe, ina n'kuiluma kuti amve ngati yauma. Zonsezi ankachita poyera, mwini akuona, ndipo wogulitsa woona mtima sankadandaula. Ena ankachita kukupatsa okha dengu kuti upise, amvekere, "Malonda ndi m'maso, onani nokha."

Nsomba zinali pakati. Mulu wa usipa unali ndi mtengo wake wosasuntha, koma ukafuna dengu lonse kuti ukagulitsenso kumudzi, pamenepo munkakhala pansi. Amalume ankayamba ndi kufunsa za kunyanja, ndipo sikunali kungocheza. Usipa amaupha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri umasowa. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, asodzi salowa m'madzi masiku angapo. Mu 1968, pamene nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba anasowa m'misika yambiri ndipo nsomba zina zonse zinakwera. Wogula amene akudziwa zimenezi amadziwa ngati kukwera kwa mtengo kuli koona kapena ndi pakamwa chabe. Wogulitsa akati, "Kunyanja kwavuta," mwezi uli mumdima ndiponso kulibe mphepo, amalume ankangomwetulira n'kufunsa kuti, "Nanga anzanu aja abwera ndi madengu odzaza awatenga nyanja iti?" Koma akaona kuti n'zoona, sankalimbana naye. Ankati munthu amene wakankha njinga chitunda chonse chija ali ndi thukuta lake mumtengomo, ndipo thukutalo silinenereredwa.

Kumene kunenerera kunkaoneka bwino ndi kumbuzi, ndiye ndikusimbireni malonda amodzi mmene anayendera. Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, titakolola. Amalume ankafuna msoti woti akayambire khola la amayi anga. Pozungulira paja anali atamva kale kuti misoti yabwino ikupita pakati pa masheleni 25 ndi 28, ndipo anali atamanga m'mtima kuti sapitirira 28. Ndalamazo anazigawa pawiri, zina m'thumba la malaya, zina m'kachikwama ka m'chiuno, kuti potulutsa asaonetse zonse.

Mwini mbuzi anali bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza. Anapatsana moni, anafunsana kumene achokera, mfumu yawo ndani, mfunda wawo ndani. Atamva kuti ndi a Phiri, kuyambira pamenepo ankangowatchula choncho. Mafunso amenewa anali ndi ntchito. Mbuzi yakuba mwini wake amazemba kutchula mudzi, ndipo ikadzapezeka m'khola mwako, wokaima pabwalo ndiwe. Atatha zimenezo ndi pamene amalume anapempha kuti, "A Phiri, ndingaigwireko?"

Anayamba ndi kukamwa. Mbuzi ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili nawo 8 m'munsi. Ikakhala yaing'ono onsewo amakhala ang'onoang'ono. Ikapitirira chaka, awiri apakati amagwa n'kumera akuluakulu. Pofika zaka ziwiri akuluakulu amakhala anayi, ndipo ikamakwana zaka zinayi onse 8 amakhala atasintha. Kupitirira apo amayamba kutha n'kutalikirana, ndiye kuti mbuzi yakalamba, kaya mwini alumbire bwanji. Iyi inali ndi akuluakulu awiri, msinkhu weniweni woyambira khola. Kenako anakoka chikope cham'munsi n'kuyang'ana m'kati mwake. Mukakhala mofiirira bwino, magazi alimo. Mukayera mbuu, mbuziyo yadyedwa ndi njoka za m'mimba. Anaitukula mchira kuona ngati sikutsegula m'mimba, anayang'ana mphuno ngati sikutuluka mamina, anagwira mawere onse awiri, anatukula ziboda chimodzichimodzi. Pomaliza anayendetsa dzanja pamsana, chakuchiuno. Anandigwira dzanja langa n'kuliika pomwepo kuti nanenso ndimve. Mimba, iwo ankatero, isakunamize, chifukwa pali ena amene amanyambititsa mbuzi mchere m'mawa kuti imwe madzi ambiri ioneke yonenepa. Mnofu weniweni uli pamsana. Apa mafupa ankamveka pang'ono.

"Mukuichita bwanji, a Phiri?"

"Paundi ndi masheleni 15."

Amenewo ndi masheleni 35. Amalume sanadzidzimuke, sanaseke, sanaimbe mluzu monga amachitira ena. Anangokhala chete kanthawi, kenako anati, "Mbuzi ndi yabwino, sindikana. Koma pamenepo pandikulira. Ine ndinali ndi 22."

"Aa, 22 mukundipha, achimwene. Imeneyi make amabereka awiriawiri. Bweretsani 32."

"Za make ndamva, koma make sindikumuona. Ndikuona iyi, ndipo pamsanapa mwagwira nokha. Ikafika kwathu iyamba yadya kaye isanaganize zobereka. Ndifike pa 25."

Bambo aja anagwira pamsana pa mbuzi yawo, ngati kuti sanaigwirepo chibadwire. Anati udzu kwawo unapsa msanga. Anatsika kufika pa 30. Apa malonda anaima. Amalume anatulutsa kabotolo ka fodya wa phuno, anatapa, n'kupatsira a Phiri. Anayamba kukamba za mvula ya chaka chimenecho ndi za msonkho. Ine mtima unali m'mwamba, kuopa kuti wina abwera n'kuitenga, koma panalibe woti atero. Bambo wina amene ankaifunanso anaima chapatali, akudikira. Lamulo linali lakuti anthu awiri akayamba malonda, wachitatu salowererapo mpaka mmodzi atachoka. Kuponya mtengo wako pamwamba pa mnzako ali pakati pokambirana kunali kulanda malonda, ndipo wogulitsa waulemu ankakukana ngakhale ndalama yako ikhale yambiri.

Fodya atatha, amalume anati, "27, a Phiri. Pamenepa ndafika pakhoma."

"Ikanipo sheleni imodzi, mutenge."

"Tigawane sheleniyo."

Anaseka onse awiri, n'kugwirana chanza. Mbuzi inapita pa masheleni 27 ndi sikisi. Amalume anaitana bambo amene ankadikira uja kuti akhale mboni, anawerengera ndalama m'dzanja la a Phiri imodziimodzi mokweza, a Phiri nawo anawerenganso. Ine ndinamasula chingwe chimene tinabwera nacho n'kumanga mbuzi.

Tsono taonani mmene manambala aja anayendera, chifukwa nzeru yake ili pamenepo. Wogulitsa anayamba pa 35, n'kubwera pa 32, pa 30, pa 28. Amalume anayamba pa 22, n'kukwera pa 25, pa 27, n'kumaliza ndi sikisi. Aliyense ankasuntha, ndipo mapazi ankafupika akamayandikirana. Kufupika kumeneko ndiko kumauza mnzako kuti watsala pang'ono kufika pamene sungapitirire. Munthu amene wakwera ndi sheleni imodzi, kenako n'kulumpha ndi masheleni asanu, waulula kuti m'thumba mudakali zambiri, ndipo wogulitsa aumirira. Amene sasuntha n'komwe, akungobwereza nambala yake yoyamba, sakunenerera, akulamula, ndipo malonda otero amafa.

Onaninso poyambira. Amalume sanatchule theka la 35. Ndimamva achinyamata akuuzana kuti wogulitsa akatchula mtengo, iwe udule pakati. Zimenezo zinachokera kwa ogulitsa ziboliboli kwa azungu apaulendo, kumene mtengo woyamba umakwezedwa dala kawiri kapena katatu. Pamsika wa anthu odziwana, wogulitsa ankangoikapo pang'ono pamwamba kuti pakhale potsikira. Amalume anayambira pang'ono kunsi kwa mtengo wa tsikulo, monga a Phiri anayambira pamwamba pake, kuti akakumane pamene msika unali kale. Akanati 17, a Phiri akanatembenuka n'kuyang'ana kumbali, ndipo kukanakhala kovuta kuwabweza.

Chinanso, chilema chimene amalume anatchula chinali choona, ndipo anachitchula motsitsa mawu, pakati pa awiriwo. Sananene kuti mbuzi ndi yodwala pamene sikudwala. Kunyoza katundu wa munthu mokuwa kuti ena amve n'kumuthawa, iwe n'kudzagula motchipa, kunali khalidwe loipa kwambiri. Ndipo anayamba ndi kuvomera kuti mbuzi ndi yabwino. Ena amaganiza kuti ukayamikira chinthu mtengo ukwera. Wogulitsa si mwana, waona kale kuti waima nthawi yaitali pa mbuzi yake. Kunamizira kuti sukuifuna kumangomuuza kuti ndiwe wabodza, ndiye ayamba kukayikira ndi mawu ako ena onse, ngakhale aja akuti wafika pakhoma.

Mawu amene unatchula ankakumanga. Ichi ndicho chinali chachikulu pa zonse. Ukati 27, mwini n'kuti tengani, unkayenera kutulutsa 27. Kubwerera m'mbuyo n'kuti, "Ayi, ndaganizanso, 25," kapena kuchoka osagula, kunali kusewera ndi munthu amene mwina wabweza ogula ena chifukwa cha iwe. N'chifukwa chake amalume sankatchula nambala pa chinthu chimene sakufuna kugula, ngakhale mongoyesa. Wogulitsa nayenso akati tengani, sankaloledwa kukweza poona kuti watulutsa paundi yatsopano.

Kuchoka kunalipo, koma kunali kwa kamodzi. Mukalephera kukumana, unkatsazika bwino, "Zikomo bambo, talepherana, mwina tsiku lina," n'kumapita osatembenukatembenuka. Ngati mwini anali ndi potsikira, ankakuitana usanafike patali. Akapanda kukuitana, wadziwa kuti mtengo wake womaliza unali woona. Ukhoza kubwerera, palibe choletsa, koma ubwerere ndi ndalama imene iye ananena, usayambirenso nkhani.

Nthawi ya tsiku inalinso ndi mbali yake. Dzuwa likapendeka, tomato, masamba ndi nsomba zaziwisi zinkatsika, chifukwa mwini sangabwerere nazo. Kugula nthawi imeneyo sikunali kubera munthu, onse awiri ankadziwa chifukwa chake, ndipo wogula ankalandira zotsala zimene anzake asankhamo kale. Nyemba zouma, mphasa ndi makasu sizinkatsika kwenikweni, pakuti zikhoza kudikira msika wina.

Koma pali kutsika kwina kumene amalume ankakana kudyerapo. Nthawi ya msonkho, amesenjala akamayendayenda m'midzi, kapena sukulu zikamatsegulira, kapena pakagwa maliro, anthu ankabwera ndi mbuzi zimene sanafune kugulitsa. Munthu wotere amaoneka. Amatchula mtengo maso ali pansi, ndipo ukangoti kakasi pang'ono amatsika yekha usanayankhe. Panali ogula ena, makamaka opikula ziweto kukapha m'tauni, amene ankasaka anthu oterewa n'kuwapatsa theka. Tsiku lina mayi wamasiye anatchula masheleni 20 pa mbuzi yoti ikanapita pa 26. Amalume anamufunsa ngati wazungulira msika. Anati ayi, akufulumira, mwana ali kuchipatala. Iwo anati, "Mayi, anzanu akugulitsa zotere pa 25 kupita m'tsogolo. Ine ndili ndi 24, ngati mukufuna yachangu. Mukadikira mupeza yoposa." Mayi uja anatenga 24. Musaganize kuti amalume anali munthu wopatsa. Anagula motsikirapo ndithu, ndipo ankadziwa. Kungoti anamuuza mayiyo chimene iye sankadziwa, n'kumusiya asankhe yekha. Kwa ine malire a kunenerera ndi kuba ali pamenepo. Kugwiritsa ntchito zimene nonse mukuziona, monga msana wa mbuzi kapena dzuwa lopendeka, ndi malonda. Kudyera pa umbuli kapena pa misozi ya mnzako ndi chinthu china, ngakhale iye avomere ndi pakamwa pake.

Panalinso anthu amene sunkanenerera nawo n'komwe. Apongozi ako akakhala pamzere wa nyemba, unkadutsa mzere wina, kapena kutuma mwana ndi ndalama yokwanira mtengo umene anena. Iwo nawo, podziwa mwini ndalama, ankathira basera woposa amene ukanapeza ponenerera. Ndi mbale wako weniweni zinali chimodzimodzi. Ambiri ankaona kuti n'kwabwino kugula kwa mlendo kusiyana ndi kuwerengerana makobiri ndi mwana wa amayi ako.

Malonda akatha, ankatha. Tomato ukakapeza wowola kunyumba, ndi maso ako amene analephera. Chiweto chokha ndicho chinali ndi pobwerera. Mbuzi ikafa patangopita masiku ochepa, ndipo zikaoneka kuti mwini ankadziwa matenda ake n'kubisa, nkhani inkatha kupita kwa mfumu, ndipo apa ndi pamene mboni ija ndi dzina la mudzi lija zinkagwira ntchito. Koma ikafa chifukwa waimanga padzuwa kapena yadya chinangwa chowawa kwanu, unkangoisenda n'kudya.

Mu 1971 ndalama zinasintha, kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi inasanduka makwacha awiri, sheleni inasanduka matambala 10, sikisi matambala asanu. Mbuzi ija ya amalume ikanakhala K2.75. Pa zinthu zikuluzikulu panalibe vuto lalikulu, kupatula kuti akuluakulu anapitiriza kuwerenga m'masheleni zaka zambiri, moti usanagwirane chanza unkayenera kufunsa kuti, "Mukuti 30 yake iti, masheleni kapena matambala?" Ena anakanganapo zenizeni, wina akuganiza mapaundi mnzake akuganiza makwacha.

Chisokonezo chenicheni chinagwa pa miyulu. Sheleni inali ndi makobiri 12, koma tsopano inali ndi matambala 10 okha. Ogulitsa anangotenga mulu wa kobiri n'kuutcha mulu wa tambala. Poyamba palibe anadandaula, poti kandalama kamodzi kankagulabe mulu umodzi. Anayamba kuzindikira ndi amayi ogula zambiri, ataona kuti ndalama imene kale inkabweretsa miyulu 12 ya tomato tsopano ikubweretsa 10. Mtengo unali utakwera popanda aliyense kuukweza. Sanapite kukadandaula kwa a boma, ndipo sanapemphe kuti tambala idulidwe. Amayi anga ndinawamva ndekha akuuza wogulitsa kuti, "Anzanga, tambala ndi yaikulu kuposa kobiri, ndiye muluwu nawonso ukule." Wogulitsa anakana kukuza mulu, poopa anzake a mumzere, koma pa miyulu khumi anawaponyera tomato wokwana mulu wina wathunthu, ndi awiri apadera.